Fulemu Imodzi Yokha: Momwe Street Fighter 6 Imagamulira Amene Wamenya Mnzake

Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi anthu awiri akusewera gemu ya nkhonya anamvapo dandaulo ili: "Ndadina batani ndine poyamba, koma wandimenya ndi iyeyo!" Wina amanamizira padi, wina amati gemuyo ikukondera. Koma nthawi zambiri padi imakhala ilibe mlandu, ndipo makina sakondera munthu. Anthu awiri akaponyerana nkhonya ali pafupi, wopambana amakhala atadziwika kale nkhonyazo zisanatuluke, chifukwa cha zomwe zachitika kamphindi kapitako. Zimenezi zimawerengeka, ndipo masamu ake ndi ophatikiza ndi kuchotsera basi.

Manambala amenewa pa sikirini amalembedwa kuti Frame Data. Kuti tiwamvetse bwino titenga gemu imodzi, Street Fighter 6, yomwe kampani ya ku Japan ya Capcom inatulutsa mu 2023, ndipo titsatira amuna awiri odziwika kwambiri m'gemuyo, Ryu ndi Ken. Manambala omwe titchule ndi a momwe gemuyi inalili itangotuluka. Capcom imasintha ena mwa iwo nthawi ndi nthawi, koma kawerengedwe kake sikasintha.

Wotchi ya gemu

Zomwe timaona zikuyenda pa sikirini ndi zithunzi zoima zomwe zimasinthana mofulumira. Magemu a nkhonya amaonetsa zithunzi 60 pa sekondi imodzi, ndipo chithunzi chilichonse chimatchedwa fulemu. Pa fulemu iliyonse makina amayang'ana mabatani omwe adinidwa, amasuntha omenyanawo pang'ono, kenako amafunsa ngati nkhonya ya wina yakhudza thupi la mnzake. Pakati pa fulemu ina ndi inzake palibe chomwe chimachitika. Choncho m'dziko la gemu nthawi siyezedwa ndi masekondi koma ndi mafulemu: mafulemu 30 ndi theka la sekondi, mafulemu 6 ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi.

Chilichonse chomwe womenya amachita, kaya ndi nkhonya, theche kapena kugwira mnzake n'kumugwetsa, osewera amachitcha muvu. Muvu iliyonse opanga gemu anaipatsa chiwerengero chake cha mafulemu chomwe sichidalira mphamvu ya chala cha wosewera. Ngakhale mudine batani mwaukali chotani, nkhonya ya mafulemu 4 ikhalabe ya mafulemu 4.

Magawo atatu a muvu iliyonse

Taganizirani munthu akusinja. Amayamba wakweza musi, kenako musi umagunda chimanga, kenako amauzula mumtondo kuti aukwezenso. Chimanga chimaphwanyika pa gawo lapakati lokhalo, koma magawo enawo sangawalumphe. Muvu nayonso ili ndi magawo atatu.

Gawo loyamba ndi lonyamuka, lomwe pa sikirini limalembedwa kuti Startup. Batani ladinidwa, mkono wayamba kuyenda, koma sungavulaze aliyense. Wina akakumenyani pa nthawi imeneyi, muvu yanu imafera pomwepo. Gawo lachiwiri ndi logunda, lolembedwa kuti Active. Pa mafulemu amenewa makina amaika kabokosi kosaoneka pa chibakera kapena phazi, ndipo kabokosiko kakakhudza thupi la mdani, nkhonya yalowa. Gawo lachitatu ndi lobwerera, lolembedwa kuti Recovery. Mkono ukubwerera m'malo mwake, sungavulazenso munthu, ndipo mwini wake sangatchinge, sangayende, sangadumphe. Amangodikira.

Nkhonya yopepuka ya Ryu ataimirira imanyamuka ndi mafulemu 4, imagunda kwa mafulemu 3, ndipo imabwerera ndi mafulemu 7. Pali kanthu kamodzi komwe kamasokoneza ambiri apa. Mu Street Fighter 6, nambala ya gawo lonyamuka imaphatikizapo fulemu yoyamba yogunda. Tikamati nkhonya ndi ya mafulemu 4, tikutanthauza kuti imafika pa fulemu yachinayi. N'chifukwa chake muvu yonseyo imatenga mafulemu 13, osati 14. M'gemuyi mulibe nkhonya wamba yothamanga kuposa mafulemu 4, ndipo nambala imeneyi ndi yomwe manambala ena onse amayezedwerapo.

Nkhonya yapakati ya Ryu ndi yolemererapo: imanyamuka ndi mafulemu 6, imagunda kwa 4, imabwerera ndi 11. Tikangoyang'ana apa tingaganize kuti nkhonya yopepuka izipambana yapakati nthawi zonse, popeza 4 ndi wochepa kuposa 6. Zikanakhala choncho awiriwo akanamayambira pamodzi nthawi zonse. Koma kawirikawiri sayambira pamodzi.

Amene wamasuka poyamba

Nkhonya ikafika pa munthu, kaya yamulowa kapena waitchinga, munthuyo amamangika kwa kanthawi. Sangachite kanthu kufikira mafulemu omwe muvuyo imamumanga atatha. Pa nthawi yomweyo, woponya nkhonya nayenso ndi womangika chifukwa akumaliza muvu yake. Onse awiri akudikira, ndipo funso ndi lakuti ndani amasuke poyamba, ndiponso atsogole ndi mafulemu angati.

Tiwerenge ndi nkhonya yapakati ija. Kuyambira pa fulemu yomwe yagunda, Ryu ali ndi mafulemu 4 ogunda ndi 11 obwerera, onse pamodzi 15. Ken akaitchinga amamangika kwa mafulemu 14. Ndiye kuti Ken amamasuka fulemu imodzi Ryu asanamasuke. Pa mndandanda wa manambala amalemba -1, ndipo osewera amati Ryu ali mayinasi 1. Koma nkhonyayo ikamulowa Ken, amamangika kwa mafulemu 22, ndipo Ryu amamasuka mafulemu 7 mnzake akadali womangika. Apo amalemba +7, kapena kuti pulasi 7.

Nambala imeneyi, ya pulasi kapena mayinasi, ndi yomwe imagamula zomwe zichitike pambuyo pake. Ili ngati mzere woyambira mpikisano wotsatira: wa pulasi amayamba patsogolo, wa mayinasi amayamba m'mbuyo. Ngakhale kombo, kuja kolumikiza nkhonya zingapo mdani osatha kutchinga, imachokera pomwepa. Ryu akakhala pa +7, muvu iliyonse yofika m'mafulemu 7 kapena ocheperapo imamupeza Ken akadali womangika. Muvu ya mafulemu 8 imafika Ken atamasuka, ndipo amaitchinga.

Ryu ndi Ken, maso ndi maso

Tsopano tiyeni tione nkhondo imodzi pang'onopang'ono. Ryu wafika pafupi, waponya nkhonya yapakati, Ken watchinga. Onse awiri akuganiza zoponya nkhonya yopepuka ya mafulemu 4 akangomasuka. Tiyambe kuwerenga pa fulemu yomwe Ken wamasuka.

Pa fulemu 1, nkhonya ya Ken yanyamuka pomwe Ryu akumaliza kubweza mkono. Pa fulemu 2, ya Ryu yanyamuka. Pa fulemu 4, ya Ken yafika. Ya Ryu ikanafika pa fulemu 5, koma sifika konse chifukwa yadulidwa ili m'njira. Kuwonjezera apo, gemuyi imapereka mphoto kwa womenya mnzake ali pakati poponya muvu. Pa sikirini pamatuluka mawu akuti Counter, nkhonyayo imapweteka kwambiri ndi 20 peresenti, ndipo womenyedwayo amamangika mafulemu 2 owonjezera. Mwina chala cha wosewera Ryu chinadinadi batani poyamba, koma makina sakanaitulutsa nkhonyayo Ryu asanamasuke.

Tisinthe chinthu chimodzi chokha. Mu Street Fighter 6 muli muvu yotchedwa Drive Rush, yomwe womenya amathamangira kutsogolo thupi likuwala mobiriwira. Imadya gawo la mphamvu yomwe imaoneka pansi pa mzere wa moyo, koma nkhonya wamba yoponyedwa kuchokera mu Drive Rush imawonjezeredwa mafulemu 4. Ndiye nkhonya yapakati yomwe ija, Ken akaitchinga, sikhalanso -1 koma +3.

Ryu tsopano wamasuka mafulemu 3 Ken asanamasuke, ndipo akuponyanso nkhonya yapakati, ya mafulemu 6. Pomwe Ken akumasuka pa fulemu 1, nkhonya ya Ryu ili kale pa fulemu yake yachinayi. Ifika pa fulemu 3. Nkhonya yopepuka ya Ken, yothamanga kuposa zonse zomwe ali nazo, ikanafika pa fulemu 4. Yachedwa ndi fulemu imodzi. Nkhonya yochedwa yapambana yothamanga, ndipo popeza yamupeza Ken akuponya, +7 uja wasanduka +9. Mafulemu 9 amenewa akukwanira kuti Ryu alumikize theche lake lapakati la chonyonyomala, lomwe limafika m'mafulemu 8, n'kumalizira ndi muvu yapadera.

Umenewu ndi msampha wopangidwa dala. Ryu wasiya kampata ka mafulemu ochepa, kokwanira kuti Ken ayambe nkhonya koma kosakwanira kuti aimalize. Kampatako kakanapanda kukhalapo, Ken akanakhalabe womangika n'kutchinga nkhonya yachiwiriyo osavulala. Kakanakula kwambiri, nkhonya ya Ken ikanadutsa. Masamu ake ndi osavuta: tengani mafulemu onyamuka a muvu yanu, chotsanipo pulasi yomwe muli nayo, kenako yerekezani ndi muvu yothamanga ya mdani. Muvu ya mafulemu 6 pa +3 ikupereka 3, ndipo ikupambana 4. Muvu ya mafulemu 7 ikupereka 4, choncho nkhonya ziwirizo zifika pamodzi ndipo onse avulala. Muvu ya mafulemu 8 ikupereka 5, ndipo igonja.

Chilango

Mayinasi 1 sapereka kanthu kaulere kwa mdani. Amangonena kuti mpata woponya wapita kwa iye, ndipo wanzeru amatchinga. Ryu akatchinga pa -1, pa -2 kapena pa -3, nkhonya ya Ken imupeza atamasuka kale. N'chifukwa chake muvu zoterezi amati ndi zotetezeka.

Zinthu zimasintha pa -4. Apa nkhonya ya mafulemu 4 imafika pa fulemu yomaliza ya kumangika kwa mnzakeyo, ndipo palibe chomwe angachite. Chimenechi osewera amachitcha chilango. Gemuyi imachilemba kuti Punish Counter, ndipo imawonjezera mafulemu 4 pa kumangika kwa womenyedwayo, zomwe zimatsegula makombo omwe nthawi zina zonse satheka.

Kukula kwa mayinasi ndiko kumanena kukula kwa chilango. Theche lamphamvu la Ryu losesa pansi limagwetsa mdani likalowa, koma likatchingidwa lili pa -12. Kubwezera ndi nkhonya yopepuka apa n'kutaya mwayi, chifukwa mafulemu 12 akukwanira muvu yolemera yomwe imayambitsa kombo yaikulu. Shoryuken, nkhonya yotchuka ija yolumpha nayo m'mwamba, ikatchingidwa imasiya mwini wake pa mayinasi oposa 20 ngakhale itakhala yopepuka, ndipo mdani amachita kusankha chomwe akufuna. Wosewera amene akuona Shoryuken yatchingidwa n'kungogwetsa mnzake ndi muvu yaing'ono, akusonyeza kuti sanaphunzire chilango chake.

Magemu ena ali ndi manambala awo koma lamulo ndi lomweli. Mu Tekken 8, yomwe Bandai Namco inatulutsa mu 2024, nkhonya yothamanga ya omenya ambiri ndi ya mafulemu 10. Kumeneko -9 ndi wotetezeka, chilango chimayambira pa -10, ndipo pa -15 omenya ambiri amatha kumuulutsa mdani m'mwamba n'kumumenya kombo yaitali. Amene wachoka ku Street Fighter kupita ku Tekken sayambiranso kuphunzira kawerengedwe. Amangofunsa kuti nkhonya yothamanga kuno ndi ya mafulemu angati.

Pomwe nambala yokha sikwanira

Munthu akangophunzira zimenezi amafulumira kuganiza kuti mayinasi aliyense wopitirira 4 ndi chakudya chake. Kenako amadabwa nkhonya yake ikudutsa mumphepo, iyeyo n'kulangidwa. Chifukwa choyamba ndi mtunda. Theche lapakati la Ryu la chonyonyomala lili pa -6 likatchingidwa, koma ndi lalitali, ndipo muvu iliyonse ikatchingidwa imakankhira awiriwo kutali pang'ono. Ryu akaliponya kuti likhudze ndi nsonga ya phazi, muvu za Ken zofika m'mafulemu 6 zimakhala zazifupi moti sizimufika, pomwe zazitali zimachedwa. Theche lomwelo likaponyedwa pafupi kwambiri limalangika. Chilango chimafuna zinthu ziwiri pamodzi, liwiro ndi utali.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti muvu zina zimadulika. Wosewera akalowetsa muvu yapadera, monga Hadoken, pa nthawi yomwe theche lija lagunda, makina amataya gawo lobwerera la thechelo n'kuyamba muvu yatsopanoyo. Apo -6 uja satanthauzanso kanthu, ndipo nambala yofunika imakhala ya muvu yomalizayo. Nkhonya zopepuka nazonso zambiri zimadulika zikamalumikizidwa zokhazokha. N'chifukwa chake munthu amatha kutchinga nkhonya yopepuka ya Ryu, yomwe pa mndandanda ili pa -1, n'kumenyedwabe ndi yachiwiri akafuna kubwezera.

Chachitatu chikukhudza gawo logunda. Manambala a pa mndandanda amawerengedwa poganiza kuti muvu yagunda pa fulemu yake yoyamba yogunda. Koma tiyerekeze kuti Ken wagwa ndipo akudzuka. Ali pansi nkhonya sizimukhudza. Ryu akayambiratu nkhonya yapakati kuti Ken adzukire pa fulemu yake yachinayi yogunda, mafulemu 3 oyambirira amakhala atatha kale. Ken amamangikabe mafulemu 14 akatchinga, koma Ryu watsala ndi 12 okha. Muvu ya -1 yasanduka +2. Apa ndi pomwe muvu zokhala ndi gawo logunda lalitali zimaonetsera phindu lake.

Chachinayi, pali muvu zomwe sizimvera mpikisano wa liwiro. Shoryuken yodinidwa ndi mabatani awiri a nkhonya, yomwe gemuyi imaitcha Overdrive, imamupangitsa Ken kukhala wosakhudzika kuyambira pa fulemu yoyamba. Mu msampha uja wa +3, nkhonya ya Ryu ingodutsa m'thupi la Ken popanda kumuvulaza, ndipo Shoryuken imugwetsa Ryu. Mtengo wake ndi wakuti Ryu akaiyembekezera n'kutchinga, Ken amatera pansi ali pa mayinasi oposa 30.

Maso sangazione, mutu ndi womwe umasankha

Wina angafunse kuti kodi osewera amawerenga mafulemu nkhondo ili mkati? Sangathe. Munthu wamba amatenga pafupifupi kota ya sekondi kuti aone chinthu n'kusuntha chala, omwe ndi mafulemu pafupifupi 15, ndipo zimenezi ndi pomwe akuyembekezera chinthu chimodzi chokha. Nkhonya ya mafulemu 4 kapena kugwira kwa mafulemu 5 kumafika ubongo usanauze chala chilichonse. Koma Drive Impact, nkhonya yamphamvu yotuluka ndi utoto, imanyamuka ndi mafulemu 26, pafupifupi theka la sekondi, ndipo wosewera watcheru amatha kuiona n'kuibwezera. Mafulemu onyamuka amagawa muvu m'magulu awiri: zomwe mungaziyankhe mutaziona, ndi zomwe muyenera kuzilosera.

Tibwererenso pa +3 paja, chifukwa nkhondo yeniyeni ili pamenepo. Ken akadina nkhonya, amenyedwa. Akaphunzira phunziro limeneli n'kumangotchinga, Ryu asiya nkhonya n'kumugwira, popeza kutchinga sikuletsa kugwidwa. Ken akayembekezera kugwidwa n'kudina mabatani omasulira, Ryu angabwerere m'mbuyo pang'ono, manja a Ken n'kugwira mphepo, kenako n'kumulanga ali m'gawo lobwerera. Ken akatopa n'kuponya Shoryuken, apambana ngati Ryu anaponya kanthu, koma alipira kwambiri ngati Ryu anatchinga. Manambala achotsa njira imodzi m'manja mwa Ken, ya nkhonya wamba, ndipo aika mtengo pa njira iliyonse yotsala. Kusankha pakati pa njira zotsalazo ndi ntchito ya munthu amene wakhala akuonetsetsa zizolowezi za mnzake kuyambira raundi yoyamba.

Kudzionera nokha

Kale osewera ankapeza manambalawa m'mabuku ofotokoza magemu kapena pojambula nkhondo n'kuwerenga zithunzi chimodzichimodzi. Street Fighter 6 inawaika poyera. Mukalowa mu Training Mode n'kuyatsa Frame Meter, pansi pa sikirini pamatuluka mizere iwiri ya timabokosi, wina wanu wina wa mdani, kabokosi kalikonse fulemu imodzi. Tobiriwira ndi gawo lonyamuka, tofiira ndi logunda, tabuluu ndi lobwerera, ndipo tachikasu tikusonyeza kumangika kwa amene wamenyedwa kapena watchinga. Mzere womwe watha poyamba ndi wa amene wamasuka poyamba.

Njira yabwino yoyesera ndi kuuza chidole chophunzitsira kuti chizitchinga zonse, kenako chiziponya nkhonya ya mafulemu 4 chikangomasuka. Ponyani muvu yanu, tsatirani ndi ina. Mukaona mawu akuti Counter kumbali yanu, msampha wanu ndi woona. Mukamenyedwa, kampata kakula. Kenako tembenuzani: lolani chidolecho chiponye muvu yomwe imakuvutitsani, itchingeni, mubwezere. Pakatuluka Punish Counter, chilango chanu ndi chenicheni. Chidolecho chikatchinga, muvu yanu yachedwa kapena chala chachedwa. Nkhonya ikadutsa mumphepo, vuto ndi mtunda. Ngati zonse zikuoneka zolondola koma chala chikuchedwabe, yang'anani TV yanu. Ma TV ambiri amachedwetsa chithunzi ndi mafulemu angapo pochikongoletsa, ndipo kuyatsa Game Mode kumachepetsa kuchedwako.

Palibe chifukwa choloweza mndandanda wonse. Yambani ndi womenya amene mumamukonda, mudziwe muvu yake yothamanga kwambiri, muvu zake zomwe zimalangika zikatchingidwa, ndi chilango chimodzi chaching'ono ndi china chachikulu. Zikatero, nthawi iliyonse yomwe mwamenyedwa pamalo omwewo kawiri, lowani mu Training Mode, mubwereze zomwe zinachitikazo, muone mzere womwe ukutha poyamba. Ngati ndi wa mdani, pamalo amenewo siyani kudina, tchingani, ndipo muyambe kufufuza muvu yake yomwe imamusiya iyeyo pa mayinasi, chifukwa mpata wanu uli pamenepo.